Kalata yoodera mphete za ukwati wa pa 5 Disembala: ndiwongolereni ndisanaitumize

NaBanda, okonza maukwati, Mufakose, Harare

Anzanga a pantchito, ndili ndi ukwati wa Loweruka pa 5 Disembala 2026 ndipo a banja andisiyira ndi nkhani ya mphete yomwe. Mmisiri wa golide amene tamupeza m'tauni wati sayamba ntchito popanda kalata. Iyeyu salankhula Chichewa, choncho kalatayo ndidzaimasulira m'Chingerezi, koma mawu a pamphete adzakhala a Chichewa. Ndalemba motere:

"Tikupempha mutipangire mphete ziwiri zagolide. Pa ya mkwatibwi mulembe kuti Mtima wanga uli m'manja mwako ndi tsiku la ukwati. Pa ya mkwati mulembe Maliko 10:9 ndi tsiku. Mkwatibwi ndi saizi M, mkwati ndi saizi 10. Zikhale zitatha ukwati usanafike."

Mtima wanga sukukhazikika nayo. Mkwati ali ku Joni, afika pa 2 Disembala, saiziyo anachita kunena pafoni. Chikusowa n'chiyani?

Mwale, wolemba pazikho ndi pazikwangwani, Highfield

Amayi, musavutike. Masiku ano makina a leza amalemba chilichonse, ngakhale ndime yathunthu. Mungomutumizira mawuwo pafoni kuti akopere, osati kulembanso ndi manja ake. Zikalakwika amapukuta n'kulembanso, si nkhani yaikulu.

Bambo Phiri, mmisiri wa golide, Mbare

Mayi NaBanda, mwachita bwino kufunsa isanapite. Kalata imeneyi itabwera pabenchi panga ndingakuimbireni kasanu ndisanasungunule golide, ndipo mmisiri amene sangakuimbireni ndiye woopsa kwambiri, chifukwa adzangoganizira yekha.

Ndiyambe ndi mawu. Achimwene a Mwale anena zoona pa kukopera, koma zifukwa zake ndi zozama kuposa pamenepo. Kalembedwe ka Chishona kalibe l. Munthu amene anakulira m'Chishona akaona "uli" dzanja lake limalemba "uri" lokha, chifukwa kwa iye ndi mawu olondola, ndipo "Maliko" angamukonze kuti afanane ndi mmene dzinali limalembedwera m'Baibulo la kwawo. Sachita mwano ayi, amayesa kuti akukuthandizani. Kenako pali kankhodolero ka mu "m'manja". Pa chilembo cha milimita imodzi kachizindikiro kameneka kamaoneka ngati kukalika, ndiye ena amakachotsa dala, ena amalemba "mumanja". Choncho mawu a pamphete musawaike m'kati mwa chiganizo monga mwachitiramu. Akhale pamzere pawokha, otayipa, ndipo pansi pake mulembe kuti zilembo ndi zingati powerengera ndi mipata yomwe, ndiponso kuti mawuwa ndi Chichewa, asasinthidwe ngakhale akuoneka ngati olakwika. Ine ndawerenga "Mtima wanga uli m'manja mwako" ndapeza 29. Wozokota akawerenga n'kupeza 28 adziwa yekha kuti chinachake chagwa.

"Tsiku la ukwati" si mawu oti azokote. Lembani manambala enieniwo monga mukufuna kuti aoneke: 05.12.2026. Mukapanda kutero wina alemba 5/12/26, wina atsogoza mwezi, ndipo mphete ziwirizo zikhoza kusiyana.

Tsopano malo. Saizi M kuzungulira kwake m'kati ndi mamilimita pafupifupi 52 ndi theka. Si onse anu. Chidindo cha golide, 375 ngati ndi wa makarati 9 kapena 750 ngati ndi wa 18, pamodzi ndi chidindo cha mmisiri ndi kampata mbali zonse, zimadya mamilimita ngati 10. Atsala 42. Zilembo 29 za mawu anu, mpata umodzi ndi 10 za tsiku zikukwana 40, ndiye kuti chilembo chilichonse chapeza milimita imodzi basi. Makina alemba ndithu, koma mkwatibwi adzafuna galasi lokuzira kuti awerenge. Ndikanakhala ine ndikanawapempha a banja kuti pamphete yaing'onoyo achotse tsiku, likhale pa ya mwamuna yomwe ili ndi malo ambiri ndi mawu ochepa.

Zopukuta zija, achimwene, pazikho zimatheka, koma pamphete kupukuta ndi kupala golide wa m'kati mpaka zilembo zitazimirira. Mphete imapyapyala ndi kukulako pang'ono, chidindo nacho chikhoza kufufutika, ndipo golide wopalidwayo ndi wa kasitomala.

NaChisale, telala wa madiresi a ukwati, Dzivarasekwa

Inetu NaBanda ndingakuuzeni kuti musiye zopangitsa. Mwana wa achemwali anga anagula zogulagula za tangisiteni, zotchipa, sizikalika, analembetsa tsiku lomwelo. Za makalatazi zimangochedwetsa. Ine diresi ndimayeza katatu popanda kalata iliyonse ndipo palibe amene anadandaulapo.

NaBanda

Achemwali, golideyo anasankha ndi eni ake, ndipo ina mwa ndalama yake yachokera kwa amalume a mkwati, sindingasinthe. Bambo Phiri, za l ndi r zija zandidzidzimutsa, chifukwa pamakhadi a ukwati wina chaka chatha "zikomo kwambiri" anatuluka bwino koma "Mulungu" anatuluka "Murungu", ndipo mukudziwa kuti mawu amenewo kuno amatanthauza mzungu. Tinasindikizanso onse 150 ndi ndalama zanga. Pagolide sindingakwanitse. Nanga saizi 10 ija ili bwino?

Bambo Phiri

Ayi, ndipo pamenepa ndi pamene ndikuopa kwambiri. M'kalata imodzi mwaika miyezo iwiri yosiyana. M ndi ya zilembo, imene timagwiritsa ntchito kuno ndi ku Joni komwe. 10 ndi ya ku America, ndipo imagwera cha pa T ndi theka. Funso ndi lakuti 10 ameneyu anamutenga kuti. Ngati anazungulitsa ulusi pachala n'kuona tchati pafoni, musamukhulupirire, ulusi umatamuka komanso sudutsa pamfundo ya chala monga imachitira mphete. Muuzeni alowe m'sitolo ya mphete iliyonse ku Joniko, amuyeze chala chimene adzavale, masana osati m'mawa kukuzizira, ndipo akupatseni chilembo. Awauzenso kuti mphete yake idzakhala yotambalala bwanji, chifukwa ya mamilimita 6 imathina kuposa ya mamilimita 3 ngakhale saizi ili imodzi, ndipo ambirife timawonjezera theka la saizi. Kutambalala kumeneku m'kalata yanu mulibe, makarati mulibe, mtundu wa golide mulibe.

Ndikulimbikira pa saizi chifukwa mphete yozokota kale siisinthika bwinobwino. Kuichepetsa timadula kachidutswa n'kuwotcherera, kuikuza kwambiri timadula n'kuikapo golide wina. Macheka akadutsa pa mawu ndiye kuti mawu apita. Choncho dongosolo ndi ili: kupanga, kuyeza pachala, kenako kuzokota. Ndipo mayi NaChisale, tangisiteni sasinthika saizi n'komwe, kwa mkwati amene sanayezedwe ndiye woipitsitsa.

Chinanso chaching'ono koma chinandichitikira. "Ya mkwatibwi" ndi iti, imene adzavale kapena imene adzapereke? Mawu ngati "mtima wanga uli m'manja mwako" amachokera kwa wina kupita kwa wina, ndiye anthu amasokonezeka. Ine ndinazokotapo mawu a mkazi pamphete ya mwamuna chifukwa cha zimenezi. Tchulani mphete ndi saizi yake.

Mwale

Chabwino bambo, pa zopala ndagonja, ine ndinazolowera mkuwa wokhuthala. Koma pa tsiku lija sindikuvomereza kuti lichoke. Leza pa milimita imodzi imawerengeka ngati mwasankha zilembo zoongoka, osati zolumikiza zija anthu amazikonda pamakhadi. Chimene ndingawonjezere ndi ichi: zilembo zina zoongoka zimapanga l wamng'ono kufanana ndi I wamkulu kapena 1, ndipo mu "uli" l ndi i zagundizana. Amayi, pemphani kuti ayambe alemba pakachitsulo koyeserera pa kukula kwenikweniko, akujambulireni, inu ndi mkwatibwi muvomereze polemba. Chithunzi cha pakompyuta chimanamiza chifukwa amachikuza.

Bambo Phiri

Izi za kachitsulo ndi nzeru, zilowe m'kalata. Za tsiku aone okha eni ake pakachitsulopo.

Nditsirize ndi "ukwati usanafike". Kwa mmisiri mawu amenewa akutanthauza Lachisanu pa 4 Disembala madzulo. Kumbukirani kuti anzathu ambiri kuno samangitsa ukwati m'mwezi wa Mbudzi, Novembala, ndiye maukwati amaunjikana mu Disembala ndipo mabenchi athu amadzaza mu Novembala momwemo. Onjezanipo masiku amene magetsi apita makina osayenda. Komanso ambirife tilibe leza, timatumiza kwa wina, choncho funsani ngati adzazokota yekha. Tsiku lolandira likhale milungu iwiri ukwati usanachitike, ndipo tsiku la ukwati mulitchule ngati mawu a pamphete okha.

NaBanda

Ndalembanso. Mkwati anayezetsa dzulo, akuti U pa mphete yotambalala, osati T ndi theka.

"Tikupempha mphete ziwiri za golide wachikasu wa makarati 9, zosalala, zopanda miyala, zokhala ndi chidindo cha 375.

Yoyamba: saizi M, kutambalala mamilimita 3. M'kati muzokote mawu awa, zilembo 29 ndi mipata yomwe:

Mtima wanga uli m'manja mwako

Yachiwiri: saizi U, kutambalala mamilimita 6. M'kati muzokote izi, zilembo 22 ndi mipata yomwe:

Maliko 10:9 05.12.2026

Mawuwa ndi Chichewa. Musasinthe chilembo chilichonse. L akhale l, ndipo kachizindikiro ka pakati pa m ndi m kakhalepo. Zilembo zikhale zoongoka.

Lachisanu pa 6 Novembala tidzabwera kudzayeza mphete zisanazokotedwe. Pofika pa 10 Novembala mutionetse mawuwa pakachitsulo koyeserera, ndipo musazokote tisanavomereze polemba. Tidzalandira mphete Lachisanu pa 20 Novembala. Mawu akasiyana ndi amene tavomereza, kukonza kwake kudzakhala kwa inu. Mutiyankhe polemba mtengo wonse, dipoziti, ngati ndi madola a ku America kapena ZiG, kulemera kwa mphete iliyonse m'magalamu, ndiponso ngati mudzazokota nokha."

Mkwatibwi wavomera kuchotsa tsiku pa yake. Chatsala ndi ya mkwati, poti pa 6 Novembala sadzakhalapo.

NaChisale

Bwanji osaitumiza ku Joni ndi a basi akayeze, ibwerenso?

Mwale

Golide pabasi ayi, amayi. Ine ndingati ya mwamunayo idikire, afike pa 2, ayeze m'mawa, leza ndi ntchito ya ola limodzi.

Bambo Phiri

Ola limodzi ngati magetsi alipo ndipo pamzere palibe anthu khumi, pa sabata yoyamba ya Disembala. Ine ndingazokote pa 20 Novembala pasanafike, koma zilembo 22 zija ndingaziunjike mbali imodzi, n'kusiya mamilimita ngati 15 opanda kanthu pafupi ndi chidindo, kuti ikafuna kudula macheka adutse pamenepo. Pa saizi U malo alipo. Onjezani chiganizo chimenecho pansi pa mphete yachiwiri, ndipo pakati pa 10:9 ndi tsiku ikani mipata iwiri kapena kanyenyezi, chifukwa 9 ndi 05 zikayandikana zikuwerengeka ngati nambala imodzi. Mukatero muwerengenso zilembo, sizikhalanso 22.

NaBanda

Ndaika kanyenyezi ndi mpata mbali zonse, zakwana 24. Mawa ndikaisiya ndekha ndi makope awiri kuti asayine imodzi ndibwere nayo. Zozokota ya mkwati asanafike ndifunsa kaye ankhoswe usiku uno, ndalama ndi zawo.