Thandizeni, khoma lang'ambika pafupi ndi chipilala cha thanki

Membala wosadziwika: Abale anga thandizeni, tulo sindikupeza. Ndikumanga nyumba kuno ku Chipata, mbali ya ku Mchini. Maziko ndi aja a ngalande otsata khoma, m'lifupi 600 mm, konkire yokhuthala 230 mm, kutalika mamita 12. Ndalama zake ndi za fodya ndi soya, ndipo mlamu wanga amene ndinamusiyira kuti aziyang'anira ankangokhala pa foni, matumba a simenti ena mpaka lero sadziwika kumene anapita. Mkazi wanga akuti ndinalakwa kukhulupirira achibale ake omwe. Manje tinamanga chipilala chonyamula silabu, pamwamba pake thanki ya malita 5,000. Titangodzaza madzi, khoma laonetsa mng'alu. Mwana wa mlongo wanga amene ali pa koleji anawerengera kuti chipilala chikusenza 80 kN, anagawa ndi malo onse a maziko napeza 11 kPa chabe, akuti dothi lililonse lingakwanitse. Nanga mng'alu wachokera kuti? Ndigwetse?

Mmisiri wa ku Kapata: SIMENTI ANABA BASI. Ine ndamanga nyumba kuyambira Kapata mpaka Lundazi, sindinaonepo maziko a 600 akulephera. Munasakaniza mawilibala angati pa thumba limodzi? Anthu inu mumafuna zotchipa, kenako mubwere kudzalira pano.

Amai a ku Katete: Pepani atate. Ife zinatichitikira chimodzimodzi, koma kwathu chinali chulu. Anachigumula n'kumanga pomwepo, mvula itabwera chitseko cha kuchipinda chinayamba kukana kutseka. Ndipo za achibale pa ntchito ya nyumba musandiuze, ine mchimwene wanga sitilankhulana mpaka lero.

Wanjinga: Chotsani thanki mubwerere ku zigubu akulu, zigubu sizing'amba khoma.

Wophunzira zomangamanga: Masamu a mwanayo ali bwino amalume, katundu kugawa ndi malo. 12 kuchulukitsa 0.6 ndi 7.2, ndiye 80 kugawa ndi 7.2 ndi 11 ndithu. Vuto liyenera kukhala pulasitala, osati maziko.

Injiniya wa ku Kalongwezi: Kugawa kotero kumagwira ntchito pa kulemera kwa khoma, chifukwa khoma limakanikiza mofanana paliponse ndipo maziko amatsika pamodzi osapindika. Chipilala chimakanikiza malo amodzi. Ikani thabwa lalitali pa matiresi, mupondepo pakati. Limalowa pamene mwapondapo, kutsogoloko silimva kanthu, mwina nsonga zimadzuka kumene. Konkire ya 230 mm pa mamita 12 imachita chimodzimodzi. Dothi limakankha mobwezera kwambiri pamene maziko atitimira kwambiri, ndiwo maganizo a injiniya Winkler a mu 1867 amene timawerengera nawo mpaka pano.

```
q = k*y
λ = (k*B / (4*E*I))^0.25
y = P*λ / (2*k*B)
M = P / (4*λ)
```

Apa P ndi katundu, B ndi m'lifupi mwa maziko, k ndi kulimba kwa dothi, EI ndi kukana kupindika kwa maziko, y ndi kutsika, q ndi zimene dothi likusenza, M ndi mphamvu yopinda maziko. Dothi lanu sindinalipime, choncho ndingotenga k ya 20,000 kN/m³ ngati chitsanzo. Pa maziko anuwo EI ikubwera pafupifupi 15,200 kNm², ndiye λ ndi 0.67 pa mita. Pansi pa chipilala maziko atsika 2.2 mm, ndipo dothi pamenepo likusenza 44 kPa, kuchulukitsa kanayi zimene mwana uja anapeza. Mukayenda mamita atatu ndi theka kuchoka pa chipilala, kutsikako kwatheratu. Maziko otsalawo sakuthandiza kunyamula thanki.

Mmisiri wa ku Kapata: Mamilimita awiri?? Nkhani yonseyi mamilimita awiri? Ma injiniya mumakonda kuopseza anthu kuti mudye ndalama. Ndanena kale, SIMENTI.

Injiniya wa ku Kalongwezi: Akulu, 44 kPa dothi louma bwino silidandaula nayo, pamenepo tikugwirizana. Chondidetsa nkhawa ndi kupindika. M ikubwera 30 kNm, ndipo pa konkire ya 600 ndi 230 zimenezo zikukoka pansi pake ndi mphamvu ya 5.7 MPa. Konkire yopanda zitsulo, ngakhale yosakanizidwa bwino, imang'ambika ikakokedwa cha pa 3 MPa. Ngakhale thumba limodzi likanapanda kubedwa, pamenepa pamafunika zitsulo kapena maziko apadera a chipilala.

Wophunzira zomangamanga: Koma abwana, khoma la mabuloko lili pamwamba pa mazikowo silikuwalimbitsa? Zonse pamodzi zimakhala ngati mtanda umodzi wautali msinkhu.

Injiniya wa ku Kalongwezi: Waganiza bwino, khoma limathandizadi kumwaza katundu, ndipo masamu angawa aliwerengera ngati kulibe. Koma limathandiza ngati lilibe khomo kapena windo pafupi, komanso mabuloko akangokokedwa amatseguka m'mizere ya matope. Mng'alu umene akuuonawo mwina ndi khomalo likuyesa kugwira ntchito imeneyo. Eni nyumba, simunatiuze chinthu chachikulu. Chipilala chili pati pa mazikowo? Munaikamo zitsulo? Mng'alu watseguka kwambiri kumwamba kapena kumunsi?

Mmisiri wa ku Kapata: Sayankha ameneyu, akudziwa kuti analemba mmisiri wa pa bala. Mu 600 mumangoponya waya wa m'mabuloko mizere itatu iliyonse, nkhani yatha. Makolo athu anamanga ndi njerwa zowotcha ndi dothi, nyumba zilipo mpaka lero.

Amai a ku Katete: Makolo ankaika thanki padenga? Inu a Kapata musamakalipire munthu amene ali kale pa mavuto.

Membala wosadziwika: Pepani ndinali kumunda. Chipilala chili kumapeto kwenikweni, pamene khoma la khonde likuthera, palibe khoma lina lolumikizana nalo. Zitsulo za Y12 zilimo zitatu, zonse pansi. Mng'alu uli ngati sitepe imodzi yaikulu kuchoka pa chipilala, kumwamba ndi kotseguka moti ndalama yachitsulo ikulowa, kumunsi ndi kochepa. Mlamu wanga akuti ndi dzuwa.

Injiniya wa ku Kalongwezi: Si dzuwa atate, ndipo zimenezi zasintha zonse. Katundu akakhala kumapeto, maziko alibe mbali inayo yomuthandiza, choncho y = 2*P*λ / (k*B). Kutsika kukufika pafupifupi 9 mm, dothi pansi pa nsongayo likusenza cha pa 180 kPa, osati 11. Kupindika nakonso kwatembenuka. Nsonga ikuweramira pansi, ndiye mbali yokokedwa ndi ya pamwamba, ndipo pokokedwa kwambiri ndi cha pa mita 1.2 kuchoka pa chipilala, pafupifupi 39 kNm. Zitsulo zanu zili pansi, kumene sizikufunika pa vuto ili. Mng'alu wotseguka kumwamba pa mtunda umenewo ukugwirizana ndi masamuwa.

Tulutsani madzi mu thanki lero lomwe, malita 5,000 ndi matani 5, kuposa theka la katunduyo. Matani kachidutswa ka galasi kapena pulasitala wopyapyala modutsa mng'alu, mulembe tsiku, muone ngati kathyoka. Madzi a padenga asagwere pa ngodya imeneyo, chifukwa dothi likanyowa k imatsika ndipo nsonga imalowa kwambiri. Kukonza kwake nthawi zambiri ndi kuchirikiza silabu ndi mapolo, kukumba pansi pa chipilala n'kuthira maziko akeake otambalala okhala ndi zitsulo. Kukula kwake apereke injiniya wolembetsedwa ku bungwe la ma injiniya la EIZ atakumba dzenje n'kuona dothi, musakumbe pansi pa chipilala chosenza katundu nokha.

Mmisiri wa ku Kapata: Kukumba pansi pa nyumba yoima kale? Mudzaigwetsera pamutu. Mangani chipilala china pambali, basi. Ine ndingabwere Loweruka.

Wophunzira zomangamanga: Chipilala chinacho chikhala pa maziko ati?

Membala wosadziwika: Madzi ndatulutsa, akazi anga akwiya chifukwa tinagula. China chimene ndakumbukira, cha kumapeto komweko ndi kumene kunali dzenje loumbira njerwa, tinakwirira ndi zinyalala za pamalopo tisanayambe kumanga. Zili ndi kanthu zimenezi?

Wanjinga: Akulu, ndiye mwasunga zinsinsi zingati zina?

Injiniya wa ku Kalongwezi: Zili ndi kanthu kwambiri. Pa dothi lokwirira losatsendera, k ija ya 20,000 iiwaleni, ndipo dothi lotero limapitiriza kutsika lokha mvula iliyonse. Dzenjelo linali lakuya bwanji, ndipo ngalande ya maziko inafika pa dothi lolimba la pansi pake kapena inathera m'zokwirirazo?