Chidziwitso cha ku gombe chija ndachikonzanso

Mwezi watha ndinafunsa kuti: “Komiti yathu ya ku gombe kuno ku Nkhotakota ikufuna kupachika chidziwitso cha kutsekedwa kwa usodzi m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ndiziyale bwanji kuti chilankhulo china chisaoneke ngati chongowonjezera?”

Zikomo nonse amene munandilangiza. Pepala la A3 ndinaligoneka cham'mbali, n'kuligawa pakati ndi mzere woonda, zilembo za mtundu ndi kukula kofanana mbali zonse.

Vuto linatulukira pa utali. Chichewa chimadya malo: pamene Chingerezi chinatha m'mizere 9, chathu chinafika 12. Poyamba ndinachepetsa zilembo za Chichewa kuti mbali ziwirizo zithere pamodzi, ndipo ndinalakwa. Titaima patali, Chichewacho chinkaoneka ngati mawu a m'munsi mwa risiti, pomwe eni nkhani ndi asodzi omwewo. Zinandiwawa.

Tsopano ndinayamba kuyeza ndi Chichewa, kusankha zilembo zoti chikwane bwino, Chingerezi n'kutsatira kukula komweko. Ndinagwiritsa ntchito tebulo losaonetsa mizere, mfundo iliyonse m'bokosi lake, kuti mfundo yachitatu iyambire pa mzere umodzi uku ndi uku. Mpata wotsala pansi pa Chingerezi ndinausiya choncho.

Kumanzere ndiko diso limayambira, ndiye kumeneko ndinaika Chichewa. Masiku otsekera ndi otsegulira, chidindo ndi siginecha ya wapampando zili pakati m'munsi, kamodzi kokha, kuti pasapezeke wonena kuti mbali yosainidwa ndiyo yeniyeni.