Mawu a agogo ake ndiwaike mu S kapena mu O?

Anzanga a zaumoyo, ndithandizeniko. Ndangoyamba ntchito pa kliniki ina kufupi ndi Chipata, ndipo asisita andibwezera zomwe ndinalemba kuti ndizigawe mu S, O, A ndi P, kutanthauza zomwe ndauzidwa, zomwe ndayeza, matenda omwe ndapeza ndi chithandizo, chifukwa ndinangolemba nkhani yonse monga momwe agogo a mwana wodwala anaifotokozera.

Mwanayo ndi wa zaka 3. Agogo akuti thupi latentha masiku awiri, wasanza kamodzi, koma akumwa bwino. Izi ndaika mu S. Mu O ndaika zomwe ndinayeza ndekha: kutentha 38.9, sikelo makilogalamu 13, ndi RDT yomwe yaonetsa malungo. Mu A ndalemba malungo osaopsa, mu P Coartem kwa masiku atatu.

Chandimanga ndi ichi. Agogo anati usiku mwanayo "anauma thupi, maso n'kutembenuka". Ine sindinaone, choncho mu O sichingalowe. Koma ndikachisiya mu S mokha, A yanga ija ikuoneka yabodza, poti kukomoka ndi chizindikiro choopsa ndipo mwana wotere amayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu. Mtima sukundikhazikika.

Kodi mumalemba mawu awo momwe anawanenera, kapena mumangoti anakomoka? Nanga A ndi P zomwe ndasainira kale ndizikonze bwanji popanda kufufuta?