Dashibodi ikuti Luchenza ndi namba wani, koma buku la kashiya likukana

Chiko: Akuluakulu mwaswera bwanji, ndithandizeni msanga chifukwa mawa abwana akufuna kuona dashibodi. Tili ndi mashopu asanu ogulitsa zaulimi, Limbuli, Chitakale, Luchenza, Bvumbwe ndi pa Thyolo boma, ndiye tchati changa chikuonetsa kuti Luchenza yagulitsa kuposa onse mu Okutobala pomwe aliyense pa ofesi akudziwa kuti ndalama zimachokera ku Limbuli, komanso totala yanga yakwera pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi buku la akaunti. Deta ili mu MySQL, kweri yake ndi iyi

```sql
SELECT s.shop, SUM(s.total)
FROM sales s
JOIN sale_items i ON i.sale_id = s.id
WHERE s.sold_at >= '2025-10-01'
  AND s.sold_at <  '2025-11-01'
GROUP BY s.shop;
```

Yamie: Amwene pali madupuliketi apo basi, ikani `SUM(DISTINCT s.total)` nkhani yatha, mukagone

Mai Nachisale: A Yamie matendawo mwawaona koma mankhwala mwapereka olakwika. Chiko, tenga lisiti limodzi uliyang'ane. Tinene kuti mlimi wagula thumba la feteleza K120,000, mbewu K40,000 ndi mankhwala a mbozi K20,000, lisiti lonse K180,000. Mu `sales` lisitili ndi mzere umodzi koma mu `sale_items` ndi mizere itatu, ndiye ukapanga `JOIN` K180,000 ija imakopedwa pa mzere uliwonse, `SUM` nkupeza K540,000. Lisiti la katundu mmodzi silikhudzidwa nkomwe. Tsopano ganizira mashopu ako, ku Luchenza anthu amagula bwanji?

Chiko: Eeh mayi, ku Luchenza ndi ogula timapaketi, lisiti limodzi mumakhala mbewu ya tomato, ya mpiru, mankhwala, zingwe, mpaka zinthu sikisi. Ku Limbuli munthu amangobwera nkunyamula matumba teni a feteleza, mzere umodzi basi

Mai Nachisale: Ndiyetu Luchenza ikuchulukitsidwa kangapo pomwe Limbuli ili chomwecho. `DISTINCT` ija vuto lake ndi lakuti imayang'ana nambala osati lisiti. Alimi makumi awiri akagula thumba limodzilimodzi pa K120,000, iyo iwerenga K120,000 kamodzi kokha enawo nkuwataya, ndipo mu shopu ya feteleza malisiti ofanana mtengo ndi ambirimbiri. Ngati funso ndi la ndalama pa shopu basi, chotsa `JOIN` yonseyo, `sales` payokha ikukwana. Ngati ukufunanso kugawa ndi mtundu wa katundu, phatikiza kuchokera ku mizere

```sql
SELECT s.shop,
       SUM(i.qty * i.price) AS kwacha,
       COUNT(DISTINCT s.id) AS malisiti
FROM sales s
JOIN sale_items i ON i.sale_id = s.id
WHERE s.sold_at >= '2025-10-01'
  AND s.sold_at <  '2025-11-01'
GROUP BY s.shop
ORDER BY kwacha DESC;
```

`DISTINCT` pa `s.id` ili bwino chifukwa nambala ya lisiti sibwerezeka.

Yamie: Chabwino ndamva, koma ine ndinapangapo choncho kwinakwake ndipo zinagwirizana bwinobwino

Mai Nachisale: Zinagwirizana chifukwa malisiti anali ochepa, palibe awiri anafanana mtengo. Dikirani nyengo yodzala muone.

Bambo Makwinja: Inetu ku kilabu kwathu kwa alimi a tiyi timangogwiritsa Excel, `PivotTable` basi, zamasevazi netiweki ikavuta mumangokhala manja mkhosi. Mwana wanga bwanji osangotsitsa zonse mu Excel?

Chiko: Madala vuto si netiweki, ndikatsitsa tebulo lolumikizidwa kale lija ngakhale mu Excel zituluka zomwezo kkkk. Mayi ndayesa yanuyo, Limbuli yabwerera pamwamba, Luchenza yatsika kufika pa namba folo. Koma totala ikuposabe buku ndi K310,000

Mai Nachisale: Funsa akashiya kuti disikaunti amailemba pati. Akamachotsera pa lisiti lonse, imalowa mu `s.total` koma `qty * price` saidziwa, ndiye ya mizereyo ikhala pamwamba pang'ono. Ona kaye ngati kusiyanako kukufanana ndi madisikaunti a mweziwo, ndipo usajambule tchati chilichonse totala isanagwirizane ndi buku, abwana akapeza nambala imodzi yabodza sadzakhulupiriranso zinazo.

Chiko: Ndifunsa mmawa. Nanga matchati, panopa ndaika payi ya mashopu asanu, abwana amaikonda chifukwa cha mitundu yake

Tadala: Payi ayi Chiko, Chitakale ndi Bvumbwe zikasiyana pang'ono palibe angaone ndi diso kuti chidutswa chachikulu ndi chiti, makamaka abwana ako amene amaonera pa foni. Funso lakuti shopu iti ili patsogolo limafuna timizati togona, totalika pamwamba tofupika pansi, nambala nkuilemba kumapeto kwa mzati uliwonse, ndipo mizatiyo iyambire pa ziro osati pa 10 miliyoni, apo bii shopu yotsalira pang'ono imaoneka ngati yafa. Payi ndimailola pa zinthu ziwiri kapena zitatu, monga kashi, Airtel Money ndi Mpamba

Yamie: Ndipo za mwezi ndi mwezi ndi layini, `GROUP BY MONTH(sold_at)`

Tadala: Layini eya, koma `MONTH()` payokha iphatikiza Okutobala wa 2024 ndi wa 2025 kukhala mwezi umodzi, gwiritsani `DATE_FORMAT(sold_at, '%Y-%m')`. Komanso samalani, shopu ikakhala kuti sinagulitse mwezi wina, mwina inatsekedwa, mwezi umenewo suoneka mu kweri ndipo layini imangolumpha ngati palibe chinachitika, pamafunika tebulo la miyezi ndi `LEFT JOIN` kuti pabwere ziro

Mai Nachisale: Pa layinipo ndipamene ndikufuna mumvetsetse. Deta yako ikuyamba liti Chiko?

Chiko: Januwale 2023, ndipo layini ikukwera mokongola, ndi tchati chimene abwana asangalale nacho kwambiri

Mai Nachisale: Ndimaopa zomwezo. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, ndipo feteleza ndi wochokera kunja, mtengo unatsatira. Layini ya makwacha ikwera ngakhale mutagulitsa matumba ochepa. Tiyerekeze chaka china matumba 400 pa K70,000, ndi K28 miliyoni, chaka chinacho matumba 300 pa K120,000, ndi K36 miliyoni. Tchati chionetsa kuti mwakula pomwe matumba 100 apita kwa anzanu. Ndiye pansi pa layini ya makwacha ika ina ya `SUM(i.qty)`, ya feteleza yekha wa 50kg, usasakanize matumba ndi timapaketi ta mbewu ayi. Akhale matchati awiri ogundizana, miyezi yofanana, osati mizere iwiri pa tchati chimodzi chokhala ndi masikelo awiri, chimenecho munthu amawerenga zimene akufuna.

Tadala: Komanso malonda a zaulimi ali ndi nyengo, Novembala kumuyerekeza ndi Juni sizikuuza kanthu. Ine ndikanaika chaka chilichonse layini yakeyake, pansi Januwale mpaka Disembala, kuti Novembala aonekane ndi Novembala mnzake

Bambo Makwinja: Nanga angongole? Kuno ambiri amatenga katundu nkudzalipira akalandira ku esiteti, mumawerengera tsiku lotenga kapena lolipira?

Yamie: Lolipira, ndalama imene sinalowe si malonda

Mai Nachisale: A akaunti ambiri angakuuzeni kuti tsiku lotenga katundu, koma abwana ena akamati tagulitsa zingati amatanthauza zimene zalowa mu kabati. Chiko funso limenelo si la kweri, ukawafunse eni ake mawa usanayatse laputopu.

Chiko: Ngongole sizili mu MySQL nkomwe, za ku Chitakale zili mu kope la hadikava kwa kashiya, ndiye mwina zina mwa K310,000 zija zabisala kumeneko, ndiona mmawa ndikuuzani