Masiku 30 ndiyambe kuwerengera pati?

Akuluakulu amene mwakhalitsa pa malonda, ndithandizeni. Ndatsegula kagolosale miyezi inayi yapitayo, ndipo amene amandipatsa katundu ndimawalipira nthawi yomweyo. Pano ndikulemba kalata yowapempha kuti azindipatsa katundu pangongole, ine ndizibweza pakatha masiku 30.

Mu kalatamo ndalemba kuti ndaoda kwa iwo kasanu ndi kamodzi osatsala ndi ngongole, ndayikamonso manambala a malisiti onse ndi satifiketi ya bizinesi. Pamene ndaima ndi apa: masiku 30 amenewa ayambe tsiku la invoisi kapena tsiku lolandira katundu? Ulendo watha invoisi inalembedwa pa 3, katundu anafika pa 11. Tikatsatira invoisi ndiye kuti ndataya masiku 8 makatoni asanatsegulidwe nkomwe, chonsecho sopo ndi mafuta ophikira zimanditengera pafupifupi masabata atatu kuti zithe pashelefu. Kodi ndingalembe poyera kuti ndikufuna tsiku lolandira, kapena ndioneka wotulutsa mwano poti ndine wopempha?

Chinanso, ndilibe wogulitsa wina wondichitira umboni. Kodi ndinene kuti pa maoda awiri oyamba ndizilipira theka pompopompo, theka linalo pa masiku 30? Amene munadutsamo, zinakuyenderani bwanji?