Chifukwa chiyani GTN timaika pansi pa lilime m'malo momeza?

Nabanda: Akuluakulu, ndili chaka chachiwiri cha unamwino. Piritsi la GTN, kapena kuti nitirogiliserini, la mamiligalamu 0.5 akuti wodwala mtima aziika pansi pa lilime, asameze. Akameza chimalakwika n'chiyani, poti onsewo akulowa m'thupi lomwelo?

Che Jafali: Asidi wa m'mimba amawawononga, basi.

aGama a ku famase: Che Jafali, mwalasa pambali pang'ono. Nitirogiliserini amayamwidwa bwinobwino m'matumbo, vuto lili kutsogolo. Magazi onse ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'chiwindi asanafike kumtima, ndipo chiwindi chimaphwanya pafupifupi mankhwala onsewo pa ulendo woyamba womwewo. Otsala amachepa moti sangatsegule mitsempha. Pansi pa lilime khungu ndi lopyapyala, ndipo timitsempha ta pamenepo timathira magazi m'mitsempha ya pakhosi yopita kumtima, chiwindi n'kuchilambalala. N'chifukwa chake ululu wa pachifuwa umayamba kutsika m'mphindi 1 mpaka 3. Wodwala akhale pansi kaye, chifukwa BP imagwa ndipo chizungulire chingamugwetse. M'kamwa mukauma piritsi silisungunuka, ndiye anyowetse ndi timadzi pang'ono, koma asamameze malovu pafupipafupi.

Mwale: Ndiye mofini wamadzi uja tizingodonthezera pansi pa lilime kuti agwire msanga? Kuwodi kwathu kuli agogo amene akulephera kumeza.

aGama a ku famase: Ayi achimwene. Njira imeneyi imafuna mankhwala olowerera mosavuta m'mafuta, komanso amphamvu pa mlingo wochepa. Mofini salowerera bwino pakhungu la m'kamwa. Wambiri amatsika ndi malovu, n'kukakumana ndi chiwindi chomwecho.

Sisita Nyirenda: Poti mwatchula mofini, apa ndi pamene anthu amavulaza odwala. Womwa amafika m'magazi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, pomwe wa mumtsempha amafika yense. Wodwala amene akumwa mamiligalamu 10 maola 4 alionse ndiye kuti pa tsiku akumwa 60. Mukamusinthira ku jakisoni wa mumtsempha mumagawa ndi 3, apeze pafupifupi 20 pa tsiku. Mukangokopera 60 yemweyo mwamupatsa katatu. Mudzamuona akuwodzera osadzutsika, akupuma mochedwa, mwana wa diso atachepa ngati kadontho. Wa chiwindi chowonongeka naye musamale, chifukwa womwa yemweyo amadutsa wambiri kuposa mmene mukuganizira.

Che Jafali: Ife anatiphunzitsa kugawa ndi 2.

Sisita Nyirenda: Ambiri amagawa ndi 2 pobaya pansi pa khungu, ndipo mabuku ena amatero ngakhale pa mtsempha. Ine ndimakonda 3, chifukwa kuwonjezera ululu ukapitirira n'kosavuta, koma wolowa mumtsempha sungamubweze. aMwale, za agogowo kambiranani ndi adokotala a pawodipo lero lomwe.

Nabanda: Zikomo aSisita. Nanga wa mumtsempha uja chiwindi sichimukhudza n'komwe?

aGama a ku famase: Chimamuphwanyabe achemwali, koma pang'onopang'ono, atazungulira kale thupi n'kufika ku ubongo.