Masipika atsopano akusasa mawu, geni ndiike pati?

WaSienta wa pa Luchenza: Akuluakulu thandizeni. Ndamangitsa masipika anayi atsopano m'zitseko, pakatoni palembedwa 300W MAX, m'munsi mwake timalemba ting'onoting'ono 50W RMS, 4 Ω. Ampulifaya ndi ya machanelo anayi, 70W RMS iliyonse. Voliyumu ya wailesi imathera pa 40, koma ndikangofika pa 18 mawu ayamba kusasa, ndipo dzulo pokwera ku Thyolo chitseko cha kumanja chimanunkha ngati waya wopserera. Besi nayenso ndi wopepuka, koma chodabwitsa ndikapititsa BAL mbali imodzi amabwera bwinobwino. Amene anamanga anasiya GAIN kumapeto, akuti masipika a 300 amafuna moto. Ndipange bwanji?

Kondakitala wa Muloza: Achimwene geni ikani pakati basi, pa 12 koloko. Ife timatero ndipo sitinaotchepo kanthu.

Wamawaya wa pa Chitakale: Bwana, musaiyimbitsenso mpaka mutakonza, fungolo ndi koyilo ya sipika ikupsa. 300 ija iwaleni, nambala yogwira ntchito ndi 50. A Kondakitala anena zoona kuti itsike, koma 12 koloko si lamulo. Mawailesi ena amatulutsa mavoti 2 kupita ku ampulifaya, ena 4, ndiye pakati pamene pali bwino pa wailesi yawo pakhoza kuotcha pa yanu. Geni ntchito yake ndi kugwirizanitsa ziwirizo, si voliyumu yachiwiri ayi.

Bwerekani mita yoyezera mavoti. Pa wailesi ikani EQ pa FLAT, zimitsani LOUD, BAL ndi FAD zikhale pa 0. Pa ampulifaya BASS BOOST pa 0, fyuluta pa FULL, geni pansi penipeni. Masulani mawaya onse a masipika. Mavoti amene mukufuna, kuchokera pa 50W ndi 4 Ω za sipika zija, ndi awa:

```
V = √(50 × 4) = 14.1
```

Ikani mu fulashi kaphokoso koyesera ka 50 Hz, 0 dB, injini ikhale ikulira. Ena amakonda 1 kHz, koma timamita totchipa ta pamsikati timanama tikafika pamenepo. Voliyumu pa 30, mita pa AC, gwirani + ndi - pa chanelo cha kutsogolo, nkumakweza geni pang'onopang'ono mpaka iwerenge 14. Chitani chimodzimodzi ku geni ya kumbuyo. Kuyambira pamenepo 30 ndiye malire anu. Mukatha bwezerani mawaya, fyuluta muisinthe ikhale HPF pa 80 Hz, chifukwa besi wakuya uja sipika ya pachitseko sangamukwanitse, imangodumpha nkumatentha.

Mayi a pa Bvumbwe: Inenso yanga imalira ngati udzudzu ndikaponda mafuta, injini ikakwera nako kamakwera. Ndi balansi yomweyo?

Wamawaya wa pa Chitakale: Ayi mayi, yanu ndi ina. Nthawi zambiri ndi waya wa nthaka wa ampulifaya, anaumanga pa penti kapena ndi wautali. Apale chitsulo mpaka chiwale, amange pomwepo. Geni ikakhala pamwamba kamamvekanso kwambiri.

WaSienta wa pa Luchenza: Zikomo bwana. Nanga za besi wothawa BAL ikakhala pakatiyo?

Wamawaya wa pa Chitakale: Pamenepo sipika imodzi anaitembenuzira mawaya. Ina ikukankha, inzake ikukoka, ndiye besi akudyana. Pititsani FAD kutsogolo kokha muyese BAL, kenako kumbuyo kokha, mudziwa awiri amene akulimbana. Pamene mwamasula mawaya paja, gwirani batire la tochi la 1.5V kamphindi chabe, + ku waya wa + wa sipika, - ku waya wa -. Pepala la sipika liyenera kutulukira kunja. Imene ilowe m'kati, sinthanitsani mawaya ake. Musathamangire kukweza BASS pa wailesi musanaone zimenezi, mungowonjezera moto pa sipika zimene zikudyana kale.

Kondakitala wa Muloza: Koma FAD pa 0 sindikuvomera. Galimoto yonyamula anthu mawu azikhala kumbuyo, R3 kaya R4, okwera amve. Oyendetsa azimva msewu.

Wamawaya wa pa Chitakale: 0 uja ndi wa poyeza pokha. Ine ndekha ndimakonda F2, woyimba azimveka ali kutsogolo kwanga osati kunkhongo, ndipo popeza timakhala kumanja, BAL ndimaikankhira L1. Koma wa matola ali ndi zifukwa zake. Ikwalaiza yokha ndiye sindigonja: mukatha kuyeza, muzichepetsa chimene chikukusowetsani mtendere m'malo mokweza chimene chikusowa. Kukweza besi ndi 6 dB kumafuna mphamvu kuchulukitsa kanayi pa mawu amenewo, 14 munayeza uja wapita.

WaSienta wa pa Luchenza: Ndayeza, 14 yafika geni isanafike ndi pakati pomwe. Yotembenuzidwa inali ya kumbuyo kumanzere, besi wabwera. Koma ya kutsogolo kumanja ikukandabe pang'ono ngakhale pa 10.

Wamawaya wa pa Chitakale: Zimitsani, muchotse chophimba cha chitseko, mukankhe pepala la sipika mofatsa ndi zala mozungulira pakati. Mukamva kukhula, koyilo inapindika ndi moto ndipo geni singaibwezere. Ikayenda mwa myaa, yang'anani sikulu yomasuka kapena waya wogunda kumbuyo kwake.

Kondakitala wa Muloza: Mukapeza kuti yapsa, apite nayo amene ankati ikufuna moto aja.